Kwa onse owotcherera: muwerenge izi musanagwire mabulaketi a sitandi ya thanki

Pulani ya sitandi yafika kuchokera kwa injiniya ndipo ndaikhoma pakhoma pafupi ndi giraindala. Mawa m'mawa tiyamba mabulaketi 16 ogwira mitanda ku nsanamira, onse ndi fileti, kuwotcherera kwa pakona paja pamene zitsulo ziwiri zakumana ngati T. Musanayatse makina, yang'anani nambala ili kumanzere kwa kachizindikiro ka makona atatu, koma makamaka chilembo chili patsogolo pa nambalayo.

Fileti ili ndi miyeso iwiri. Mwendo ndi mtunda wochokera pakona pamene zitsulo zakumana kufika pamene chowotchereracho chathera pa chitsulo chimodzi. Uwu mumauona ndi maso, ngakhale ndi rula mutha kuuyeza. Khosi ndi mtunda waufupi wochokera pakona pomwepo kufika pa mzere wolumikiza nsonga za miyendo iwiriyo. Khosilo lili m'kati, simuliona, koma ndi lomwe limanyamula katundu, ndipo injiniya akamawerengera mphamvu amawerengera pa ilo.

Pulani yathuyi yajambulidwa motsata kalembedwe ka zizindikiro ka ISO 2553. M'menemo `z` ndi mwendo, `a` ndi khosi. Zitsulo zikakumana pa madigiri 90, miyendo iwiri ili yofanana, masamu ake ndi awa:

```
a = z × 0.707
z = a × 1.414
```

Pa mabulaketi palembedwa `a6`. Ndiye kuti khosi likhale mamilimita 6, ndipo mwendo umene muuone pa geji ndi 6 × 1.414, kutanthauza mamilimita 8.5. Pa makwerero palembedwa `z6`: apo mwendo ndi 6, khosi lake 4.2. Nambala ndi imodzi, 6, koma ntchito ndi ziwiri zosiyana kwambiri. Wina akawerenga `a6` ngati mwendo, khosi lituluka 4.2 m'malo mwa 6, ndiye kuti lachepa pafupifupi magawo 30 pa 100, pa malo amene akusenza thanki ya malita 5000, matani asanu a madzi. Akalakwitsa mbali inayo, n'kuika 8.5 pa makwerero, wathira chitsulo kuwirikiza kawiri kuposa chofunika, marodi atha msanga, ndipo angulo yopyapyalayo ipindika ndi moto. Ine ndili mnyamata ndinagirainda usiku wonse chifukwa cha kachilembo kameneka, sindikufuna kuti zikuonekereni inu.

Mbali yoti muwotcherere mukuidziwa kale, koma ndibwerezeko. Pa pulani iyi pali mzere wolunjika ndi wina wodukaduka. Makona atatu akakhala pa mzere wolunjika, wotcherani mbali imene muvi ukuloza. Akakhala pa wodukaduka, wotcherani kuseri. Akaoneka pamwamba ndi pansi pomwe, ndi mbali zonse ziwiri. Kabwalo kozungulira pamene muvi wakumana ndi mzere kakuti zungulirani chitsulo chonse, ndipo kambendera kakuti ntchitoyo ikachitikire kusaiti, musaikhudze muno.

Nambala za kumanja kwa makona atatu si kukula, ndi kutalika. Pa thireyi ya pamwamba palembedwa `z5` kumanzere, `4 × 50 (100)` kumanja: zidutswa 4, chilichonse chotalika mamilimita 50, mpata wa 100 pakati pa chidutswa ndi chinzake.

Pepala lachitatu ndi la wopanga pampu, ndipo lajambulidwa m'kalembedwe ka ku America ka AWS A2.4. Mmenemo mulibe `a` kapena `z`. Nambala ili yokha kumanzere kwa makona atatu, ndipo nambala yotero ndi mwendo. Mzere wodukaduka mulibenso: pansi pa mzere ndi mbali ya muvi, pamwamba ndi kuseri. Mukaona `50-100` kumanja, 100 ameneyo ndi kuchokera pakati pa chidutswa kufika pakati pa chotsatira, osati mpata ngati mu pulani yathu.

Pali malo amodzi pamene 0.707 sagwira ntchito. Pa phazi la nsanamira miyendo ya fileti ndi yosiyana, 6 ndi 8. Chulukitsani iwiriyo, 48, mugawe ndi kutalika kwa mzere wolumikiza nsonga za miyendo iwiriyo, kumene ndi 10, khosi lipezeka 4.8. Mwendo wa 8 ugone pa puleti ya pansi monga chojambula chikuonetsera.

Poyeza musanyengeke ndi maonekedwe. Fileti yotupa ngati mzere wa mbatata sikuti yawonjezera khosi, chotupacho sichiwerengedwa. Yolowa m'kati ngati supuni ndiyo yoopsa, chifukwa miyendo imakwana bwinobwino pa geji koma khosi laperewera. Yoteroyo muyeze pakati ndi mbali ya geji yoyezera khosi, mutachotsa kaye makoko onse ndi hamala ndi burashi.

Mwendo wa 8.5 ndi rodi ya 3.2 sutheka ulendo umodzi, muyende katatu: koyamba pakona, kenako pansi, kumalizira pamwamba. Aliyense awotcherere bulaketi imodzi yokha, andiitane ndidzaiyeze, ndiyeno apitirize zotsalazo. Geji ili mu dirowa ya ofesi, wotenga alembe dzina m'buku.

Folomani