Kwa Tadala, Udzawerenge Uli M'ndege

Wokondedwa Tadala,

Ndikulemba kalatayi Lachiwiri usiku, nditangofika kumene kuchokera kwanu. Ndidzaiika m'kathumba ka kutsogolo kwa chikwama chako, chifukwa ndikudziwa kuti Lachinayi ku bwalo la ndege mawu adzandithera.

Lero tikulongedza katundu wandipepesa katatu. Koyamba ndi pamene ndinakhala duu nditagwira juzi yako yobiriwira ija. Kachiwiri ndi pamene sikelo inaonetsa kuti sutikesi yapitirira makilogalamu 23, n'kuyamba kutulutsa mabuku. Kachitatu panali pageti, popanda n'chifukwa chomwe. Ndinalephera kukuyankha nthawi imeneyo, ndiye ndikuyankhe pano: palibe chimene walakwa. Usandipepesenso.

Kudandaula kokha ndikudandaula, sindingakunamize. Zaka 11 si masewera. Ndinazolowera kuti chikandichitikira chinthu, chabwino kaya choipa, woyamba kumva ndiwe, ndipo nkhani ikakula moti pafoni siikwana, ndimangonyamuka kudzagogoda. Loweruka masana ndi limene lidzandivute kwambiri, nthawi ija timakhala pakhonde iwe ukumasula tsitsi langa, nkhani zili m'kamwa mpaka mdima. Lachinayi ndidzalira, mwinanso kwambiri. Ukadzaona misoziyo usadzaganize kuti ndikukuimba mlandu. Munthu amalira akamatsanzikana ndi amene amamukonda, basi. Chisoni chimenechi ndi changa ndipo ndichikwanitsa. Iwe usanyamuleko, katundu wakuchulukira kale.

Usaiwale kuti ine ndinalipo pamene zonsezi zinkayamba. Ndinkakuona ukuweruka ku ntchito ya usiku maso ali psuu, yunifolomu osavula, n'kukhala patebulo kuwerengera mayeso aja. Ulendo woyamba sunakhoze, ndipo unakhala masiku awiri osayankha foni. Kenako unalembetsanso. Miyezi 14 unadikira mapepala, tsiku lililonse kutsegula imelo m'mawa usanasambe n'komwe. Tsiku limene yankho linabwera unandiimbira osatha kuyankhula, ine n'kumaganiza kuti kwagwa zovuta. Ndinavina tsiku limenelo, Tadala, ndipo kuvina kumene kuja kunali kochokera pansi pa mtima. Mpaka lero sindinasinthe maganizo. Ukanati ukane ntchitoyi chifukwa cha ine, ndikanakhumudwa nawe kuposa mmene ndikudandaulira panomu.

Alipo ena amene azinena kuti watithawa. Ndawamva kale. Asiye alankhule. Odwala amene wawasamalira zaka 7 zonsezi sunawabere kanthu, unawapatsa mphamvu zako zonse, ndipo amene ukukawapeza kumeneko nawonso ndi anthu odwala ofunika manja ngati akowo.

Za amayi usade nkhawa. Tagwirizana kale kuti Lolemba loyamba la mwezi uliwonse ndiziwaperekeza kusikelo ya magazi, ndipo mayina a mankhwala awo ndalemba kuseri kwa kalendala yanga. Imeneyi si ngongole yoti udzabweze. Amayi aja anandisunga m'nyumba mwawo miyezi itatu nthawi imene ndinalibe kolowera, ndiye ndikanachitabe zimenezi ngakhale iwe ukanakhala konkuno. Dzulo anandinong'oneza kuti akunyadira, koma akuopa kukuuza chifukwa angalire pamaso pako.

Pempho langa ndi ili. Usalonjeze zoimba foni tsiku lililonse. Mashifiti adzakupanikiza, mawotchi athu azidzasiyana, ndipo sindikufuna kuti uzidzayang'ana dzina langa pafoni mtima ukugunda ngati wachedwa kubweza ndalama. Ukakhala chete sabata ziwiri, ndidzadziwa kuti watopa. Usavutikenso ndi zonditumizira mphatso.

Chimene ndikufuna ndi choonadi. Miyezi yoyamba idzakhala yowawa: kuzizira, malankhulidwe achilendo, kubwerera m'chipinda mopanda woti n'kumupatsa moni. Usiku wina udzadzifunsa kuti kodi ndinabwereranji kuno. Ukadzafika pamenepo undiimbire, kaya ndi 2 koloko usiku. Sindidzanena kuti bwerera, ndipo sindidzanena kuti unazifuna wekha. Ndidzangomvetsera. Komanso zikadzayamba kukoma, ukadzapeza mnzako woseka naye mpaka m'mimba kupweteka, undiuze mosachita manyazi. Ndikufuna kudzamva dzina lake, ndikufuna kudzadziwa kuti pali wina amene akukufunsa ngati wagona bwino.

Mabuku amene atsala ndawatenga, ali pashelefu pafupi ndi bedi langa, udzawapeza ukadzabwera kutchuthi. Pasipoti ndi masatifiketi zili m'chikwama cha m'manja, mu envulopu yakhaki, usaziike mu sutikesi. Juzi ija ndaiika pamwamba penipeni kuti ukangotsika uvale.

Ukafika unditumizire mawu amodzi okha akuti "ndafika". Zina zonse udzandiuza ukapuma. Ndidzakhala ndili maso.

Uyende bwino, mnzanga.

Ndine wako,
Thoko