Za chithunzi chija munanditumizira dzulo

Amwali,

Pepani kuti ndachedwa kuyankha. Uthenga wanu ndinauona dzulo lomwelo madzulo, koma sindinafune kungoti eya kapena ayi ndili mkati mwa zina, poti ndikudziwa kuti kwa inu funso limeneli si lamacheza. Ndinadikira ana agone, ndiye ndinakhala nacho pansi chithunzicho. M'mawa uno ndachionanso pa laputopu, kuti mwina maso a m'mawa aona zina.

Mwandifunsa ngati mayi ali kumbuyo pachithunzi cha pa ukwati chija ndi mnzathu uja tinkaphunzira naye, amene anachoka pasukulu osatsanzika. Ndingonena mosazungulira: sindingathe kutsimikiza kuti ndi iyeyo. Kufanana kulipo, sindikukana, ndipo ndikumvetsa chimene chinakudumphitsani mtima. Koma ndikati ndi iye ndikhala ndikukunamizani, ndikati si iye ndikhalanso ndikunama. Zimene ndikuona pachithunzipa sizikukwana kuti ndiikepo dzina la munthu. Dzina lakenso mwaona kuti sindikulilemba muno. Ndachita dala, mauthengawa amayenda mwendo umene mwini sunaufune.

Chimene chinandigwira ine poyamba ndi kaimidwe. Mayiyo wapendeketsa mutu pang'ono ngati akumvetsera wina, phewa limodzi lili m'munsi. Mnzathu uja ankaima choncho ndithu aphunzitsi akamamufunsa funso la masamu, mukukumbukira? Chipumi nachonso ndi chachikulu ngati chake. Nditaona zimenezo ndinangoti ha, koma ndi yemweyu. Kenaka ndinadzifunsa kuti, kodi mukanakhala kuti simunalembe dzina lake pansi pa chithunzicho, ine ndikanamuganizira? Ndikukayika. Ndinawerenga dzina kaye, chithunzi pambuyo, ndiye maso anga anapita kukafuna munthu amene ndinauzidwa kale kuti alipo. Pamene nkhope sikuoneka bwino, mutu umadzaza wokha zimene zikusowa, ndipo umadzaza ndi nkhope imene ukuisowa.

Ndinayesako kanthu. Ndinaonetsa bambo a kunyumba kuno chithunzicho osanena kalikonse, ndinangowafunsa kuti mayi ali kumbuyoyu akufanana ndi ndani. Mnzathu uja samudziwa, ndiye sindimayembekezera kuti amutchula. Anayang'ana nthawi ndithu, n'kunena kuti ndi mlongo wawo wamkulu. Tinaseka, koma ine kuseka kwake kunali kwa manyazi, chifukwa iwonso anali otsimikiza ngati mmene ndinalili ine usiku uja. Nkhope imodzi yomweyo, aliyense akuonamo wake.

Tsono zinthu zimene ndikanamudziwira popanda kukayika, palibe ndi chimodzi chomwe chikuoneka. Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, koma mayiyu watseka pakamwa. Anali ndi kachipsera pamwamba pa nsidze yakumanzere, kaja anakapeza atagwa pa masewera a mpira wamanja, koma pamalo pamenepo pangokhala mthunzi. Munati inu mukukaona kachipserako. Ndakulitsa mpaka mapeto, chimene ndikuona ndi kabokosi kakuda pang'ono pakati pa timabokosi tina, ndipo pa tsaya la bambo amene waima pambali pake palinso kabokosi kotero. Makutu, amene sasintha kwambiri munthu akakula, abisika ndi tsitsi.

Pali chimodzi chimene chikukokera kwina. Mnzathu anali wamanzere, ndipo mayiyu wagwira kapu kudzanja lamanja. Komabe sindingadalire zimenezo. Munthu wamanzere amagwiranso kapu ndi dzanja lamanja ngati linalo latanganidwa. Chinanso, anthu awiri ali kutsogolowo akuoneka kuti amadzijambula okha ndi kamera yakutsogolo, ndipo mafoni ena amasunga chithunzi chotere chitatembenuka ngati pagalasi, kumanja kumakhala kumanzere. Ndinafuna kuona ngati malembo ali pakhoma paja atembenuka, koma nawonso sakuwerengeka. Ndiye ngakhale kachipsera kaja katati kaoneke, sitingadziwe kuti kali mbali yake yeniyeni kapena ayi.

Munandipempha kuti ndichikonze pa laputopu kuti chiwale. Ndayesa kuwonjezera kuwala, koma zangoipiraipira. Vuto lake ndi lakuti chithunzi cha pafoni chimapangidwa ndi timadontho, timene amati mapikiseli. Kamera ya mamegapikiseli 12 imajambula timadontho pafupifupi 12 miliyoni, koma tochuluka tapita kwa awiri ali kutsogolowo, kukhoma ndi kudenga. Mayi wathuyu ali kutali, nkhope yake yonse yalowa m'timadontho towerengeka. Kukulitsa sikuwonjezera kanthu, kumangokuza timadontho tomweto. Chimene kamera sinagwire tsiku limenelo sichingatuluke lero.

Komanso chimbuuzi chake si chamtundu umodzi. Kamera inalunjika pa anthu akutsogolo, ndiye onse akumbuyo afufutika. Kuwonjezera apo munali mdima m'chipindamo. Kukakhala mdima kamera imatenga kanthawi kotalikirapo kuti ilandire kuwala kokwanira, ndipo aliyense amene wasuntha pa kanthawi kameneko amaoneka ngati wapakidwa. Taonani mzere wa chibwano chake, uli pawiri. Ankatembenuka. Nkhope ikakokeka chotero imatha kuoneka yaitali kapena yotambalala kuposa mmene ilili, ndiye ngakhale chipumi chija ndachitama pamwambapa sindingachikhulupirire kwenikweni. Pamwamba pa zonsezi, chimene mwanditumizira si chithunzi chenichenicho, ndi sikirinishoti. Pamwamba pake pakuoneka nthawi ndi batire la foni ya munthu wina. Ndiye kuti chinajambulidwa, chinatumizidwa, wina anachijambulanso pa sikirini, n'kutumiza kwa msuweni wanu, iye kwa inu, inu kwa ine. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza kuti chisadye data yambiri, ndipo poyenda chonchi tizinthu ting'onoting'ono ngati chipsera ndi timene timayamba kutayika.

Ndipo amwali, tisaiwale kuti papita zaka 19. Ife tikufananitsa mayi wa pachithunziyu ndi mtsikana wa zaka 17 wovala yunifolomu, wometa tsitsi. Ineyo mwezi wathawu ndinadutsana ndi mnyamata uja ankaimba belu, anachita kundiitana kawiri, ine osamuzindikira, pamene tinali maso ndi maso dzuwa likuswa mtengo. Wanenepa, wamera dazi, wavala magalasi. Ndinamudziwira mawu basi. Ngati mayiyu akufanana kwambiri ndi mnzathu mmene analili nthawi imeneyo, mwinanso ndi mng'ono wake kapena wachibale wina, kapena munthu wongofanana naye. Anthu amafanana padziko pano.

Chimene ndikuona kuti chingatithandize ndi kubwerera kumene chithunzichi chachokera. Mufunseni msuweni wanuyo kuti anachitenga kwa ndani, ndipo ngati angamupeze amene anajambula, amupemphe atumize chenichenicho kuchokera mufoni mwake. Asatumize mwa nthawi zonse, asankhe Document, chifukwa chikatumizidwa motero chimafika mmene chilili osachepetsedwa, ndipo nthawi zambiri chimasunganso tsiku limene chinajambulidwa. Akalephera zimenezo, angodina HD asanatumize, ndi bwinoko. Sindikulonjeza kuti nkhope idzaoneka, poti kusuntha kuja sikungachoke, koma tidzaonako bwino kuposa apa. Chinanso, pa ukwati sajambula chithunzi chimodzi. Payenera kuti pali zina zambiri za tsiku lomwelo, mwinanso vidiyo, ndipo mayi wa diresi lobiriwirayu akhoza kupezeka penapake ataima pafupi, akuseka. Ndikangoona mano kapena kumva mawu ake pa vidiyo, ndidzakuuzani nthawi yomweyo. Koma njira yachidule kuposa zonsezi ndi kungofunsa eni ukwatiwo kuti mayiyu ndi ndani. Iwo ndiwo anamuitana.

Pali pempho limodzi, ndipo musandimve molakwika. Munati mukufuna kuchiponya pa gulupu ya kalasi yathu kuti ena athandize kuona. Ine ndikuti tadikirani kaye. Mukuwadziwa anzathu aja. Mmodzi akangoti ndi yemweyo, pofika madzulo nkhani idzakhala yakuti wapezeka, wina adzawonjezera kuti anakwatiwa ndi bambo waima pambali pakeyo, wina adzayamba kukamba za mmene wasinthira thupi. Ngati si iye, tidzakhala taika dzina ndi mbiri ya munthu wina pa mayi wosadziwa kanthu amene anangopita kukasangalala pa ukwati wa abale ake. Ngati ndi iye, ndiye kuti tamuika pagulu asanatilole. Anachoka pasukulu pakati pa temu osatsanzika, ndipo zaka zonsezi sanatifunefune, chikhalirecho ambirife sitivuta kupeza. Chifukwa chake sitikuchidziwa. Mwina n'kutanganidwa chabe ndi moyo, mwinanso pali zimene safuna kuzikumbukira. Ineyo ndikanakhala iye, ndikanakonda kumva kuchokera kwa munthu mmodzi mwakachetechete kusiyana n'kudzuka n'kupeza anthu 40 akukambirana nkhope yanga.

Ndiye eni ukwati akati ndi iyedi, tisapemphe nambala yake. Tiwapatse yanu, amupatsire, amuuze kuti mnzake amene ankakhala naye desiki limodzi akumupatsa moni. Akafuna adzaimba yekha.

Ndikudziwa kuti yankho langali si limene mumayembekezera. Inu ndi iye munali ngati mapasa, ndipo ndimakumbukira mmene munkasungira malo ake pa desiki paja milungu ingapo atachoka, osalola wina kukhalapo. Ndiye sindikudabwa kuti mwamuona pachithunzipa, ndipo musadzione ngati mwapupuluma pondifunsa. Nanenso ndikulakalaka atakhala iyeyo. Mwinadi ndi iye. Kungoti sindikufuna kukupatsani chimwemwe chimene mawa ndidzachilandenso.

Ndili ndi chithunzi cha kalasi yathu chija tinajambulitsa kutsogolo kwa laibulale, chili mu alubamu yakale. Iye ali pamzere wachiwiri, wachitatu kuchokera kumanzere, inu muli pambali pake mwatsinzina. Ndichifunafuna usiku uno ndikutumizireni, kuti zithunzi zina zikabwera tidzakhale ndi pofananitsira, tisamangodalira mitu yathuyi. Msuweni wanu akayankha mundiuze, ngakhale usiku. Loweruka masana ndili mpata, mukafuna ndikuimbirani tikambirane bwinobwino.

Moni kwa onse kunyumbako, makamaka kamtsikana kanu kaja kakulemba mayeso.

Ndine mnzanu wa desiki lakumbuyo