Kalata yopita kwa aphunzitsi: funso 7 la ditaminanti

14 Marichi 2025

Kwa a Dokotala Nyirenda,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndine Tadala, wophunzira wanu wa chaka choyamba m'kalasi ya aljebura ya Lachiwiri m'mawa. Mundikhululukire pokuvutitsani ndi kalata, koma pali funso limene landisowetsa mtendere kuyambira Lachitatu, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe zonse mwadongosolo kuti muone pamene ndikuphonya, ngati ndikuphonyadi.

Ndi funso 7 pa tsamba 112 la buku limene munatiuza kuti tizigwiritsa ntchito. Gawo (a) likuti tipeze ditaminanti ya matirikisi iyi:

```
A = | 2   1   3 |
    | 0   4  -1 |
    | 5   2   1 |
```

Ine ndikupeza −53. Mayankho a kumapeto kwa buku, pa tsamba 389, akuti −43.

Ndiyambe ndi kuulula kuti ulendo woyamba inenso ndinapeza −43. Nditayang'ana kumapeto n'kuona kuti zikugwirizana, ndinachonga funsolo ndi pensulo n'kupita pa lotsatira mtima uli m'malo. Madzulo ake tikufananitsa ntchito ndi mnzanga, iye anali ndi −53, ndipo ndinamuuza motsimikiza kuti walakwa chifukwa buku lili kumbali yanga. Sanatsutse. Anangotenga kope langa, n'kuloza ndi chala pa mzere wachiwiri wa ntchito yanga, n'kundifunsa kuti, "Nanga mainasi ya pakatiyi yapita kuti?" Ndinali nditaiwala kuti zizindikiro za makofakita zimasinthanasinthana, pulasi, mainasi, pulasi, monga munatijambulira pa bolodi. Apa m'pamene mutu unaima: ndinalakwitsa, koma kulakwitsako n'kumene kunandifikitsa pa yankho la m'buku.

Nditakonza, potsata mzere woyamba mwa njira ya Laplace, zinatuluka motere:

```
det(A) = 2(4·1 − (−1)·2) − 1(0·1 − (−1)·5) + 3(0·2 − 4·5)
       = 2(6) − 1(5) + 3(−20)
       = 12 − 5 − 60
       = −53
```

Mukaika pulasi m'malo mwa mainasi wa pakatiyo, mupeza 12 + 5 − 60, amene ndi −43. Kusiyana konse kwa 10 kukuchokera pamalo amodzi okhawa.

Popeza ndinali nditalakwa kale kamodzi, sindinadzikhulupirirenso. Ndinayesa kutsata kolamu yoyamba, chifukwa ili ndi ziro ndipo munati tizisankha mzere kapena kolamu ya maziro ambiri kuti ntchito ichepe. Apo kunatsala 2(6) + 5(−1 − 12), kutanthauza 12 − 65, ndiye −53. Ndinayesanso njira ya Sarrus, imene munatichenjeza kuti tisaigwiritse ntchito matirikisi ikaposa 3×3. Zochulukitsa zotsikira kumanja zinandipatsa 8, −5 ndi 0, zonse pamodzi 3. Zotsikira kumanzere zinandipatsa 60, −4 ndi 0, zonse pamodzi 56. Kuchotsa 56 pa 3, yankho lomwe lija.

Njira imene inandikhazika mtima pansi kwambiri ndi yochepetsa mizere, chifukwa mmenemo mulibe makofakita oti munthu n'kusokoneza zizindikiro zake. Ndinachotsa mzere woyamba wochulukitsidwa ndi 5/2 pa mzere wachitatu, ndipo unasanduka (0, −1/2, −13/2). Kenako ndinawonjezerapo mzere wachiwiri wochulukitsidwa ndi 1/8, n'kutsala (0, 0, −53/8). Sindinasinthanitse mizere paliponse, choncho chizindikiro sichinatembenuke, ndipo kuwonjezera mzere wochulukitsidwa pa mzere unzake sikusintha ditaminanti. Manambala a pa dayagonolo ndi 2, 4 ndi −53/8, ndipo kuwachulukitsa kukupereka −53. Pomaliza mnzanga uja anailowetsa pa kompyuta yake:

```
import numpy as np
A = [[2, 1, 3], [0, 4, -1], [5, 2, 1]]
print(round(np.linalg.det(A)))
```

Pa sikirini panatuluka -53.

Ndikanangonena kuti osindikiza anadina 4 m'malo mwa 5, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma gawo (b) la funso lomweli likufuna det(2A), ndipo buku likuti −344. Matirikisi ya mizere itatu ikachulukitsidwa ndi 2, ditaminanti yake imachulukitsidwa ndi 2³, amene ndi 8. Tsono 8 kuchulukitsa ndi −43 ndi −344 ndendende, pamene yankho langa likupereka −424. Izi zikundionetsa kuti amene anakonza mayankho anapezadi −43 ndipo anapitiriza nayo. Si chala chimene chinaterereka polemba nambala imodzi.

Ndaganizira zinthu ziwiri. Mwina wokonza mayankhoyo anaiwala chizindikiro cha kofakita wa pakati monga ndinachitira ine. Kapena mwina mayankho ali bwinobwino koma funso ndi limene linasindikizidwa molakwika. Ndinayesa kusintha nambala imodziimodzi, ndipo ndinapeza kuti 1 wa pa mzere woyamba, kolamu yachiwiri, akanakhala −1, ditaminanti ikanakhaladi −43, chifukwa gawo la pakati likanakhala −(−1)(5), amene ndi +5. Ine ndikupendekera ku ganizo lachiwirili. Kamzere ka mainasi n'kakang'ono, kakhoza kusowa mosavuta posindikiza, ndipo zikundivuta kukhulupirira kuti munthu wolemba buku lonse la masamu angaphonye lamulo limene iye mwini walifotokoza masamba angapo m'mbuyo mwake. Ndinayang'anitsitsa tsambalo pafupi ndi nyali, mwina inki inangofufutika, koma kutsogolo kwa 1 uja n'koyera. Buku la mnzanga nalonso lili chimodzimodzi.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwenikweni, aphunzitsi, n'chakuti pakhoza kukhala chachitatu chimene ine sindikuchiona. Mwina pali kalembedwe kena kamene bukuli likutsata, kapena pali mfundo imene munanena m'kalasi ine n'kuiphonya. Monga ndikumvera, ditaminanti ya matirikisi ndi nambala imodzi basi, ndipo mzere kapena kolamu iliyonse imene munthu angatsate iyenera kumufikitsa pomwepo. Ngakhale nditaiwerenga matirikisiyi mosinthanitsa mizere ndi makolamu, palibe chingasinthe, popeza det(Aᵀ) = det(A). Ngati kumvetsa kwangaku kuli kolakwika penapake, ndiye kuti vuto langa ndi lalikulu kuposa funso 7, ndipo ndingakonde kulidziwa tsopano.

Palinso chifukwa china chimene ndalembera msanga. Funsoli lili m'gulu la amene munati tikonzekere nawo mayeso a pa 25 Marichi. Anzanga ena awiri amene ndalankhula nawo apeza −43 ndipo akusangalala monga ndinasangalalira ine poyamba. Ngati buku ndi lomwe lalakwa, iwowa akuphunzira kusiya mainasi uja akuganiza kuti akhoza, ndipo zidzawapweteka pa mayeso. Ine sindinathe kuwatsimikizira, chifukwa mawu anga sangapose a buku, koma inu mutanena m'kalasi angamve.

Chonde mundithandize kudziwa ngati −53 ndi yankho lolondola la matirikisi imene yasindikizidwayi, komanso ngati buku lanu lili ndi 1 kapena −1 pamalo paja. Ngati n'kotheka, ndingabwere ku ofesi kwanu Lolemba nthawi ya 2 koloko masana ndi kope langa, kuti muone ntchito yonse mzere ndi mzere. Ikakhala kuti nthawi imeneyo simupezeka, ndidzadikira Lachiwiri tikamaliza kalasi.

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu.

Ine wophunzira wanu,
Tadala Mbewe