Ndakatulo yoyenda pa ng'oma: kusanthula mawu a rapu

Mu 2018 woimba rapu Kendrick Lamar atalandira mphoto yapamwamba ya ku America ya Pulitzer chifukwa cha chimbale cha DAMN., ambiri anati rapu yavomerezedwa tsopano ngati luso lenileni. Koma mphotoyo inali ya nyimbo, osati ya ndakatulo, ndipo mfundo ya nkhani ino yagona pomwepo: mawu a rapu ukangowalemba papepala, theka la ndakatuloyo latsala m'ng'oma.

Mlakatuli wa m'buku amasankha yekha pomwe mzere uthere. Woimba rapu amapeza biti itamudulira kale malire. Mzere umodzi umakhala ndi kugunda kunayi, ng'oma yolira mokuthwa imagwa pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, ndipo ndime nthawi zambiri imatenga mizere 16. Mwambowu unakulira m'madansi a ku Bronx, mumzinda wa New York, komwe DJ Kool Herc ankabwereza kachigawo ka ng'oma zokhazokha kuyambira mu 1973. Olankhula pa maikolofoni oyambirira ankakonda kuika mawu omveka mofanana kumapeto kwa mzere, womvera n'kumadziwiratu pomwe agwere.

Woimba rapu Rakim ndiye anasokoneza chizolowezicho. Pa chimbale cha Paid in Full cha mu 1987 anayamba kufananitsa mawu m'kati mwa mzere, maphatikizo awiri kapena atatu nthawi imodzi, ganizo n'kumadumphira mzere wotsatira osapuma. Ali mwana ankaliza sakisofoni, ndipo zimamveka: amachedwa dala, kenaka n'kuipeza biti kutsogolo. Kayendedwe kameneka, komwe oimba amati fulo, sikaoneka papepala.

Tiyese ndi mizere iwiri yopeka m'Chichewa:

Ndadzuka m'mamawa, m'thumba mulibe kanthu,
minibasi yadzaza, kondakitala sawerenga anthu.

Kufanana kwa "kanthu" ndi "anthu" aliyense akukumva, ndipo n'kotchipa. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, aneni ambiri ndi "a", choncho kumapeto kwa mzere sikuvuta kufananitsa. Luso lili m'kati: "m'mamawa" ndi "yadzaza" akuyankhana ndi maliwu a "a" atatu, pamalo ofanana m'mizere yonse iwiri. Tsono werengani maphatikizo. Mzere woyamba uli ndi 15, wachiwiri 18, koma yonse iyenera kukwana m'kugunda kunayi komweko. Woimba amakakamizika kuthamangitsa "kondakitala sawerenga", mawu n'kupanikizana monga apanikizirana anthu m'minibasimo. Tanthauzo la kuthinana labwera ndi liwiro, lomwe wowerenga mwakachetechete sangalimve.

N'chifukwa chake kusanthula komwe kumangofunsa kuti woimba "akunena chiyani" za umphawi kapena apolisi kumandiperewera. Kumamusandutsa mboni yopereka umboni, pomwe iye ndi mmisiri amene wayeza phatikizo lililonse. Wosanthula alembe mawuwo pansi pa manambala 1, 2, 3, 4, aonetse pomwe woimba wapumira, komanso liwu lomwe walisungira kugunda kwachinayi.