Malangizo a kajambulidwe ka zidole za m'buku la ana

Kwa bambo wojambula zithunzi ndi mayi woumba zidole,

Zithunzi 12 za m'bukuli zionetse msika wa Mzuzu m'mawa wa mwezi wa Juni, kupatula tsamba la madzulo, ndipo woona azindikire msanga kuti akuyang'ana tinthu tating'ono toti n'kunyamula m'dzanja. Anthu ndi mbuzi akhale adongo, osapitirira masentimita 10, pomwe minibasi yokha ndiyo ikhale chidole cha pulasitiki chogula.

Mayi, chonde musakulungize zidolezi ngati mbiya. Zidindo za zala zanu zitsale pamapewa ndi pamsana, pakuti chidindo chimodzi chikadzaza tsaya lonse la mayi wogulitsa nthochi, diso limadziwa pomwepo kukula kwa chidolecho. Timing'alu tobwera dongo likamauma tisamatidwe, kupatula pakhosi ndi m'miyendo pomwe chidole chingathyoke, ndipo vanishi asapakidwe konse, popeza dongo liyenera kuoneka losanyezimira, lomwa kuwala. Pulasitiki ndi wosiyana: ndi wosalala, amanyezimira, ndipo amakhala ndi kamzere kosonyeza pomwe mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Kamzereko kasapalidwe, chifukwa ndiko kamanena kuti ichi n'chidole chenicheni, koma denga la minibasi liwazidwe fumbi la katondo kuti lisathobwe m'maso pakati pa anthu adongo.

Nkhani yaikulu ili pa kuwala, bambo. Fulashi ya pakamera isagwiritsidwe ntchito, chifukwa kuwala kochokera kutsogolo kumafafaniza zidindo zonse zija, ndipo papulasitiki kumasiya banga loyera. Tebulo liikidwe pambali pa zenera kuti kuwala kudzere chammbali, kukhudze dongo mopendekeka, kakhwinya kalikonse kakhale ndi mthunzi wake. Mitambo ndi nkhungu za kuno nyengo yozizira, zomwe ojambula maukwati amadandaula nazo, ife zitithandiza, chifukwa zimafewetsa mithunzi. Mbali yamdima muiwalitse ndi pepala loyera loimika pafupi. Pa tsamba la madzulo pokha mugwiritse ntchito tochi imodzi yaing'ono yoikidwa chapansi, osati ziwiri, pakuti mithunzi yolowera mbali zosiyana imasokoneza diso.

Kamera ikhale pafupi, yopenya pansi pang'ono monga apenyera mwana wogwada, ndipo ikhale pa f/2.8 kapena f/4 kuti nkhope imodzi ioneke bwino, zakutsogolo ndi zakumbuyo zizimiririke. Umu ndi momwe kamera imaonera chinthu chaching'ono chomwe yachiyandikira.

Pansi pathiridwe dothi losefa, popeza mchenga wa kumtsinje wa Lunyangwa uoneka ngati miyala pafupi ndi phazi la chidole. Zitenje zikhale za nsalu yopyapyala ya maluwa ang'onoang'ono. Madzi enieni asaikidwe paliponse, chifukwa dontho limodzi limakula ngati mutu wa mbuzi ndipo limasungunula dongo losawotcha.

Zithunzi zitatu zoyesera zitifike Lachisanu lisanathe kuti tigwirizane za kuwala tisanayambe zotsalazo.

Ndine wanu,
Mkonzi wa buku