Mafolowa 8,000 koma pashopu pali zii

Achemwali anga ali ndi kashopu ka zitenje ndi nsapato pafupi ndi msika waukulu wa Zomba. Chaka chatha anapatsa mnyamata wina K60,000 kuti awakwezere peji yawo ya pa Facebook, iye ankati kubusta, ndipo mwezi usanathe mafolowa anachoka pa 4,000 kufika 8,000. Achemwali chimwemwe tsaya, mpaka kukaoda katundu wambiri ku Limbe poti Khrisimasi inali pafupi.

Katundu uja anangokhala. Akaposita chitenje malaiki 6 basi, komenti imodzi, nayonso ya alamu awo.

Anawatsegula maso ndi mtsikana wina wa ku Chanco amene amakonda kudzagula nsapato. Anatenga foni nkutsegula pamene peji imaonetsa kumene okutsatira amakhala. "Anti taonani, theka la anthuwa lili kumaiko akutali, ameneyu angadzagule chitenje ku Zomba kuno?" Atadina maakaunti ena anapeza opanda chithunzi, opanda positi olo imodzi, maina osawerengeka nkomwe. Anawafotokozeranso kuti ukaposita, Facebook siionetsa onse nthawi imodzi, imayang'ana ngati amene aona akulaika ndi kukomenta, ndiye positi ikagwera pa maakaunti abodzawa imafera pomwepo, makasitomala enieni osaiona.

Achemwali tsiku limenelo sanadye. Ndalama zinawapweteka inde, koma chinawawawa kwambiri nchoti anali atauza mayi wina wosoka madiresi kuti azilipira pomulengezera malonda pa peji ya anthu 8,000. Mmawa mwake anamubwezera ndalama yake yonse pa Mpamba, kenako analemba papejipo poyera kuti theka la mafolowa anga ndi abodza, ndinalipira osadziwa chimene ndikugula, ndiyamba kuwachotsa. Ine ndinawaletsa kuti mudzichotsa ulemu achemwali, koma sanandimvere, ndipo anachita bwino.

Kuchotsako inali ntchito yowawa, madzulo aliwonse akatseka shopu amakhala pampando kubuloka mmodzimmodzi mpaka bandulo kutha, nambala ikutsika iwo akuona, anzawo ena pamsika akunong'onezana kuti bizinesi yagwa. Anasiya zithunzi zotola pa intaneti, anayamba kujambula zitenje zawo zomwe panja dzuwa la mmawa, mtengo kulemba pomwepo osati zija za bwerani ku inibokosi. Kasitomala akasoketsa amamupempha kaye asanaposite chithunzi chake.

Pano peji ili ndi anthu 4,300. Akaposita, mafunso amachokera ku Chinamwali, Matawale, Chikanda, ena mpaka ku Songani, ndipo pali wakabaza amene amabwera masana kudzatenga maoda. Ngongole ya katundu wa ku Limbe sanamalize kubweza, yatsala ya miyezi iwiri. Mayi wosoka uja anabweranso yekha sabata yatha kudzafunsa mtengo wolengezera.