Usanagwire kanthu pa bolodi, funsa: mnzangayu akufuna chiyani?

Kwa ana anga oyamba kumene tchesi, amene timakumana Loweruka ku Katoto.

Mnzako akangosuntha, ika manja pamiyendo. Lamulo la tchesi ndi lakuti chimene wagwira uyenera kuchisuntha, ndiye dzanja lidikire mutu. Kenako yerekeza kuti iwe wadumphitsidwa ndipo iye akusewera kachiwiri. Angakuchite chiyani? Yamba ndi macheke onse amene angapereke kwa mfumu yako, kenako zimene angadye, kenako zimene angathamangitse. Usaiwale kuona njira imene yatseguka pamene wachokapo, chifukwa poni ikasuntha, bishopu amene anali kumbuyo kwake amayamba kuona patali.

Yala bolodi, usewere izi uli wakuda:

```
1. e4 e5
2. Qh5
```

Kwini watulukiranji msanga chonchi? Akuloza poni ya pa e5, ndipo akaidya aperekanso cheke. Ambiri mumathamangira g6 kuti mumupirikitse. Iye amadya e5, cheke, mfumu ikamadziteteza amatola ruku ya pa h8. Yankho labwino ndi Nc6: hachi yatuluka, poni yatetezedwa.

Woyera asewera Bc4. Funsanso. Tsopano bishopu ndi kwini onse akuloza f7, malo amene akulonderedwa ndi mfumu yokha. Loweruka lapitali, mvula yowaza ija itatitsekera m'kalasi, ndinaona mtsikana wathu wina wa ku Chibavi akusewera Nf6 apa, akumwetulira kuti waopseza kwini. Qxf7, chekimeti, masewero atha pa kusuntha kwachinayi. Zinandiwawa, chifukwa mwanayu nzeru ali nazo, anangoona zake zokha. Apa g6 ndiyo yoyenera, poti e5 ili ndi mlonda kale. Kwini akabwerera pa f3 akulozanso f7, ndipo nthawi ya Nf6 ndi imeneyo, hachi itseke njira.

Ukachipeza chimene akufuna, ukhoza kuthawa, kuteteza, kutchinga kapena kudya woopsezayo. Pa njirazi sankha imene ikukupindulitsanso, monga Nc6 ija. Nthawi zina upeza kuti akungokuopseza chabe: kwini wake akufuna kudya poni yotetezedwa. Msiye adye, iwe pitiriza kutulutsa asilikali ako.

Anyamata mumadandaula kuti izi zimachedwetsa. Inde, poyamba. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo madala a bawo nawonso amawerenga kaye njere za mnzawo asanatape zawo.

Ukasankha kosuntha, usagwirebe. Ona bolodi m'maganizo ngati wasuntha kale, ufunse komaliza: ndasiya chiyani popanda mlonda, ndipo cheke chake chili pati?

Loweruka likubwerali tidzasewera awiriawiri, ndipo aliyense azidzanena mokweza chimene mnzake akufuna asanasunthe. Mubwere ndi majuzi, kalasi ija imazizira.